Chilembo chimodzi chimene chimasowetsa mwana magazi

Pachilumba cha Cyprus, m'nyanja ya Mediterranean, munthu mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse amabadwa atanyamula mbewu ya nthenda ya magazi yotchedwa beta talasemiya. Wonyamulayo sadwala. Koma anthu awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana atenge mbewuyo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Mwana wotereyu amabadwa wabwinobwino. Akafika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira pang'ono, amayamba kuyezuka, amafooka poyamwa, kapamba amakula, sikelo imaima. Kuyambira pamenepo moyo wake umadalira kuthiridwa magazi pakapita milungu itatu kapena inayi iliyonse.

Chozizwitsa n'chakuti mwa ambiri a ana a ku Cyprus amenewa, malangizo opangira puloteni ya m'magazi alibe cholakwika chilichonse. Mutawerenga zilembo zonse zimene zimanena mmene puloteniyo iyenera kukhalira, mungapeze kuti n'zofanana ndi za munthu wathanzi. Chilembo cholakwika chili pamalo amene selo limayenera kudula n'kutaya, pamalo amene sakalowa n'komwe mu puloteni. Kuti timvetse mmene chilembo chotayidwa chingadwalitsire mwana, tiyenera kutsata ulendo umene uthenga wa jini umayenda usanasanduke puloteni.

Uthenga umatuluka wosapsa

M'selo lofiira lililonse la magazi muli timagulu ta hemogulobini toposa 250 miliyoni. Hemogulobini ndi puloteni imene imatenga okosijeni m'mapapo n'kukamutula m'thupi lonse. Kagulu kalikonse ka munthu wamkulu kali ndi zingwe zinayi: ziwiri za alufa ndi ziwiri za beta. Chingwe cha beta ndi mndandanda wa maamino asidi 146, ndipo malangizo ake ali mu jini yotchedwa HBB, pa kulomozomu 11.

Jini ndi chigawo cha DNA, ndipo DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mwa anthu, nyama, zomera, bowa ngakhale yisiti, DNA imatsekeredwa m'kachipinda ka pakati pa selo kotchedwa nyukiliyasi. Zamoyo zokhala ndi kachipinda kameneka ndi zimene akatswiri amazitcha mayukariyoti. Mapuloteni sapangidwira m'kachipindamo. Amapangidwa kunja kwake ndi timakina totchedwa malayibosomu. Choncho selo limakopera jini pa kachingwe kena kotchedwa RNA, kamene kamagwiritsa ntchito U m'malo mwa T, n'kukatumiza kunja. RNA yonyamula uthenga ndiyo mRNA. Layibosomu imawerenga uthengawo zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse, zimene zimatchedwa kodoni, zimaimira amino asidi imodzi kapena chizindikiro choti ntchito ithere pamenepo.

Mabakiteriya alibe nyukiliyasi, ndipo kwa iwo layibosomu imayamba kuwerenga uthenga ukulembedwa kumene. Kwa ife sizitero. Jini ya HBB ikakoperedwa, pamatuluka RNA ya zilembo pafupifupi 1,600, pamene uthenga umene umafika kwa layibosomu uli ndi zilembo pafupifupi 630 zochokera ku jiniyo. Pakati pa ziwirizi pachitika ntchito zitatu: kumutu kwavekedwa chipewa, pakati padulidwa n'kulumikizidwa, kumapeto kwaikidwa mchira. Zili ngati nsalu yongodulidwa kumene pa mpukutu: telala amachotsa zosafunika, amasoka zidutswa zotsala, ndipo amapinda m'mphepete monse kuti ulusi usasomoke. Nsalu yabwino ikhoza kuonongeka m'manja mwa telala, ndipo talasemiya ya ku Cyprus imaonongekera pamenepo.

Chipewa

Ntchito yoyamba imachitika mwamsanga kwambiri. Enzayimu yokopera, RNA polimalezi II, ikangolemba zilembo 20 mpaka 30, kumutu kwa RNA kumafika maenzayimu ena amene anakwera kale pamsana pa polimaleziyo. Ntchito yawo ili patatu. Amachotsa fosifeti imodzi mwa zitatu zimene zili kumutuko, amamatapo chilembo G chozondoka, ndipo pomaliza amaika kagulu ka methilo pa G ameneyo. Chipewa chimenechi, chimene akatswiri amalemba kuti m7G, chinazindikirika m'ma 1970, ndipo pakati pa amene anachifotokoza panali Yasuhiro Furuichi ndi Aaron Shatkin.

Kuzondokako ndiye nkhani. M'selo muli maenzayimu amene ntchito yawo ndi kudya RNA kuyambira kumutu, chilembo ndi chilembo. Amazindikira mutu wamba. Akapeza G wolumikizidwa chozondoka, amasowa pogwira, ndipo uthenga umapulumuka. Kupatula apo, mapuloteni amene amagwira chipewa ndi amene amathandiza kudula kuyambike bwino chakumutu ndiponso kutulutsa uthenga pa timakomo ta nyukiliyasi. Kunjako puloteni yotchedwa eIF4E imagwira chipewacho n'kuitanira layibosomu pamenepo. Layibosomu imatera kumutu, n'kuyenda mpaka itapeza AUG, kodoni yoyambira. Uthenga wopanda chipewa ungakhale ndi zilembo zonse zolondola, koma layibosomu siufikira, ndipo sukhalitsa.

Mwina mwaona kale kuti chipewa sichinalembedwe mu jini. G ameneyu sakoperedwa ku DNA. Amachita kumatidwa, ndipo maenzayimu omwewo amaveka uthenga wa majini onse. N'chifukwa chake simumva za nthenda yotengera kumtundu imene jini imodzi yalephera kuvala chipewa pomwe ena onse avala. Makina ovekawo atati afe, selo lonse lingafe. Umboni wa mphamvu ya chipewa timaupeza kwa mavayirasi. Vayirasi ya fuluwenza sidziwa kupanga chipewa chake, choncho imaba: imadula mitu ya RNA ya selo lathu, chipewa pamodzi ndi zilembo khumi ndi zingapo, n'kuyambirapo kulemba uthenga wake. Mankhwala a baloksaviri, amene anavomerezedwa ku Japan ndi ku America mu 2018, amatseka enzayimu yodulayo. Chitetezo cha m'selo nachonso chimayang'ana kumutu kwa RNA: ikakhala yopanda chipewa, kapena chipewa chake chikusowa methilo wachiwiri amene uthenga wathu umakhala naye, selo limaiona ngati mdani. Amene anapanga katemera wa mRNA wa COVID-19 anayenera kuveka uthenga wawo chipewa chofanana ndi chathu, apo ayi thupi likanauononga usanawerengedwe.

Kudula ndi kulumikiza

Kufikira mu 1977, akatswiri ankaganiza kuti jini ndi uthenga umodzi wosadukiza. Chaka chimenecho magulu awiri ku America, la Phillip Sharp ndi la Richard Roberts, akufufuza vayirasi yotchedwa adenovayirasi, anaphatikiza mRNA ndi DNA imene inachokerako n'kuziyang'ana pa makina okuza zinthu a elekitironi. Anaona kuti DNA ikupanga malupu otuluka pambali, kusonyeza kuti muli zigawo zimene mu mRNA mulibe. Anthu awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Zigawo zotayidwazo zimatchedwa maintuloni, ndipo zotsala n'kulumikizidwa ndi maekisoni.

Jini ya HBB ndi yaing'ono, ndipo ndi yabwino kuphunzirirapo. Ili ndi maekisoni atatu ndi maintuloni awiri. Intuloni yoyamba ili ndi zilembo 130, yachiwiri 850. Chotsani 980 pa 1,600 ndipo mutsala ndi uthenga uja wa zilembo pafupifupi 630. Majini ena amaposa apa kutalitali. Jini ya disitulofini, puloteni ya m'minofu, ili ndi maekisoni 79 omwazikana pa zilembo zoposa 2 miliyoni, koma uthenga wake wotsiriza uli ndi zilembo pafupifupi 14,000 zokha.

Nanga selo limadziwa bwanji podula? Zizindikiro zake n'zochepa modetsa nkhawa. Pafupifupi intuloni iliyonse imayamba ndi GU n'kutha ndi AG. Chapafupi ndi mapeto, zilembo 18 mpaka 40 kubwerera m'mbuyo, pamakhala A wapadera, ndipo pakati pa iye ndi AG pamakhala mndandanda wodzaza ndi U ndi C. Makina amene amawerenga zizindikirozi amatchedwa supulayisosomu, ndipo ndi gulu lalikulu la mapuloteni oposa 100 pamodzi ndi tizingwe tisanu ta RNA: U1, U2, U4, U5 ndi U6. U1 amagwira pa GU, U2 amagwira pa A wapadera uja, kenaka enawo amabwera n'kupinda intuloni mpaka malo awiriwa atakhudzana. A amadula pa GU n'kudzimangirira kumutu kwa intuloni, kupanga khwekhwe. Mapeto a ekisoni yoyamba, amene tsopano ali omasuka, amadula pa AG n'kulumikizika ndi ekisoni yotsatira. Khwekhwe lija limamasulidwa n'kuphwanyidwa.

Kudulaku sikuyenera kuphonya ngakhale chilembo chimodzi, chifukwa layibosomu imangowerenga zitatuzitatu popanda choiuza pamene kodoni yayambira. Mu HBB intuloni yoyamba imagwera m'kati mwenimweni mwa kodoni 30. Kodoniyo ndi AGG, yoimira alijinini. Zilembo ziwiri, AG, zili kumapeto kwa ekisoni yoyamba, ndipo G wachitatu ali kuchiyambi kwa ekisoni yachiwiri, kuseri kwa zilembo 130. Kodoni imeneyi imangokhalapo pokhapokha kulumikiza kutayenda bwino.

Tsopano tione chimene chimachitika mwa mwana wa ku Cyprus. Kumapeto kwa intuloni yoyamba ya munthu wathanzi kumawerengeka motere, ndipo mzere woimirira ukusonyeza podula:

```
...CUAUUGGUCUAUUUUCCCACCCUUAG | GCUGCUG...
```

Mwa wodwala, chilembo cha 110 cha intuloniyo, chimene chinayenera kukhala G, ndi A. Pa chikalata cha ku labotale kusinthaku kumalembedwa IVS1-110 G>A. Pamene panali UUGG tsopano pali UUAG:

```
...CUAUUAG | UCUAUUUUCCCACCCUUAG GCUGCUG...
```

AG watsopano wabadwa, ndipo ali patsogolo pa AG weniweni. Supulayisosomu, ikachoka pa A wapadera uja, kawirikawiri imatenga AG woyamba amene yakumana naye. Choncho nthawi zambiri imadula pa wabodzayo, ndipo zilembo 19 za intuloni zimatsalira mu uthenga.

Tiwerenge monga imawerengera layibosomu. AG wa kumapeto kwa ekisoni yoyamba sakumananso ndi G wake. Akumana ndi U, n'kukhala AGU. Kenaka pakubwera CUA, UUU, UCC, CAC, CCU, ndipo pomaliza UAG. Koma UAG ndi imodzi mwa makodoni atatu oimitsa ntchito. Zilembo zomwezo zimene zinali chizindikiro chodulira intuloni tsopano zawerengedwa ngati lamulo loti puloteni yatha. M'malo mwa maamino asidi 146, pangatuluke kachidutswa ka 35, ndipo asanu mwa asanu ndi mmodzi omalizawo ndi olakwika. Kachidutswa kotere sikangagwire okosijeni.

Ngakhale kachidutswako sikapangidwa kambiri, chifukwa selo lili ndi njira yogwirira uthenga wotere. Pamene supulayisosomu yalumikiza maekisoni awiri, imasiya kagulu ka mapuloteni pafupi ndi msokowo. Layibosomu yoyamba kudutsa imakankha timagulu tonseti. Ikaima msanga, kutsogolo kukadali kagulu kosakankhidwa, selo limadziwa kuti uthengawo uli ndi chilema ndipo limauphwanya. Chitetezo chimenechi n'chothandizadi, ndipo umboni wake uli mu jini yomweyi. Kodoni yoimitsa ikagwera mu ekisoni yachitatu, yomaliza, kutsogolo kulibe msoko, uthenga umapulumuka, ndipo selo limapanga zingwe za beta zoduka zimene zimaundana n'kuliononga. Munthu wotere akhoza kudwala ngakhale atatenga jini yolakwika kwa kholo limodzi lokha.

Pa IVS1-110, AG weniweni akadalipo, ndipo nthawi zina supulayisosomu imamupeza. Pa mauthenga khumi aliwonse, umodzi kapena iwiri imatuluka yolondola. Choncho mwana amapanga zingwe za beta zabwinobwino koma zochepa kwambiri, ndipo madokotala amati imeneyi ndi beta pulasi. Yerekezani ndi kusintha kwina, IVS1-1 G>A, kumene G woyamba wa GU wa kuchiyambi kwa intuloni yomweyi amaonongeka. Pamenepo palibe uthenga wolondola ngakhale umodzi, ndipo imeneyo ndi beta ziro. Kumwera kwa China kuli kusintha kwina, IVS2-654 C>T, m'kati mwa intuloni yachiwiri, kutali ndi malire onse, kumene kumachititsa kuti zilembo 73 za intuloni zitengedwe ngati ekisoni yatsopano. Nthenda ndi imodzi, koma polakwikira ndi posiyanasiyana, ndipo kukula kwa matenda kumatsata kuchuluka kwa uthenga wolondola umene wapulumuka.

Wina angafunse chifukwa chake chilengedwe chimasunga dongosolo loopsa chotere. Mbali ina ya yankho ndi yakuti kusakhwima kwa zizindikiroku n'kumene kumapatsa selo ufulu wosankha. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, koma oposa 90 pa 100 aliwonse mwa amene ali ndi maekisoni angapo amadulidwa m'njira zingapo. Selo la mu ubongo likhoza kusunga ekisoni imene selo la m'chiwindi limataya, ndipo jini imodzi imabala mapuloteni osiyana. HBB siichita nawo zimenezi. Njira yake yolondola ndi imodzi basi. Koma imadulidwa ndi makina omwewo amene anazolowera kusankha pakati pa zizindikiro zopikisana, ndipo makina otere amanyengeka.

Mchira

Polimalezi siidziwa poima yokha. Imapitirira kulemba kudutsa mapeto a jini, ndipo uthenga umachita kudulidwa. Chizindikiro chake ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, AAUAAA, zimene zili kuseri kwa kodoni yoimitsa. Gulu la mapuloteni lotchedwa CPSF limagwira pamenepo, lina limagwira chakutsogolo pamalo odzaza ndi G ndi U, ndipo RNA imadulidwa pakati pawo, zilembo 10 mpaka 30 kuchokera pa AAUAAA. Ikatero, enzayimu ina imayamba kuphatika A pambuyo pa A, osayang'ana pa DNA, mpaka atafika 200 kapena 250. Umenewo ndiwo mchira. Mapuloteni ena amaukuta msangamsanga.

Mchira umateteza uthenga kwa maenzayimu odya kuyambira kumapeto, monga chipewa chimatetezera kumutu. Umathandizanso kutuluka mu nyukiliyasi. Kunjako, mapuloteni okuta mchira amagwirana ndi amene agwira chipewa, kotero kuti mutu ndi mchira zimayandikana, ndipo uthenga wokhala ndi zonse ziwiri umawerengedwa mochuluka kwambiri kuposa wokhala ndi chimodzi. Koma ntchito imene ine imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya nthawi. Uthenga ukafika kunja, mchira umayamba kufupikitsidwa pang'onopang'ono. Ukatsala waufupi kwambiri, chipewa chimavulidwa ndipo uthenga umadyedwa. Liwiro la kufupikitsako ndi limene limanena kuti uthenga uwerengedwa kangati. Mauthenga a mapuloteni ofunika kwa kanthawi, monga ena a chitetezo cha m'thupi, amatha pasanathe ola. Wa gulobini umakhala maola ochuluka.

Ndipo uyenera kutero. Selo lofiira likamakhwima m'mafuta a m'mafupa limataya nyukiliyasi yake, DNA yonse n'kupita nayo. Kuyambira pamenepo silingalembenso uthenga watsopano, komabe limapitiriza kupanga hemogulobini kwa masiku angapo pogwiritsa ntchito mRNA imene linasunga. Hemogulobini imene lapanga panthawiyo, pamodzi ndi imene linapanga kale, ndi imene lidzayende nayo kwa masiku 120 a moyo wake.

Mosiyana ndi chipewa, chizindikiro cha mchira chinalembedwa mu jini, choncho chikhoza kuonongeka mu jini imodzi. Mu 1985 gulu la Stuart Orkin ku Boston linafotokoza za wodwala talasemiya amene AATAAA wa mu HBB yake anali AACAAA. Chilembo chimodzi, T kukhala C, kuseri kwa malangizo onse a puloteni. Makina odula ankalephera kuzindikira malowo nthawi zambiri, ndipo RNA inkapitirira ndi zilembo zina pafupifupi 900 kufikira chizindikiro china. Uthenga wolondola unali wochepa, ndipo zotsatira zake zinali beta pulasi. Kusintha kwa pa chizindikiro cha mchira kawirikawiri kumabweretsa matenda opepukirapo kusiyana ndi IVS1-110, chifukwa uthenga wina ndithu umadulidwabe pamalo ake.

Chifukwa chake kuchepa kumapha

Kuno kwathu nthenda ya magazi yotengera kumtundu imene ambiri amaidziwa ndi sikoselo, ndipo ili mu jini yomweyi ya HBB. Kusiyana kwake kumaunikira nkhani yonseyi. Mu sikoselo, kodoni 6 ya mu ekisoni yoyamba imasintha kuchoka pa GAG kukhala GTG. Uthenga umavala chipewa, umadulidwa molondola, umalandira mchira wake, ndipo umawerengedwa mokwanira. Zingwe za beta zimapangidwa zambiri, koma chilichonse chili ndi valini pamene panayenera kukhala gulutamiki asidi, ndipo hemogulobini yotere imamatirirana okosijeni akachepa. Sikoselo yasintha mtundu wa puloteni. Zolakwika za kudula ndi mchira zimene taona zasintha kuchuluka kwake.

Kuchepa kwa beta kumavulaza kawiri. Hemogulobini imachepa, inde. Koma choopsa kwambiri n'chakuti majini a alufa, amene ali pa kulomozomu 16, sadziwa kuti mnzawo walephera, ndipo amapitiriza kupanga zingwe zawo monga mwa masiku onse. Zingwe za alufa zosowa anzake zimaundana m'kati mwa maselo ofiira aang'ono n'kuwapha asanatuluke m'mafupa. Thupi likaona magazi achepa limalamula mafuta a m'mafupa kugwira ntchito mowirikiza, mafutawo amafutukuka, mafupa a kumaso ndi a chigaza amatupa. Zimenezi ndi zimene dokotala wa ana Thomas Cooley anafotokoza ku Detroit mu 1925. Mwana amabadwa wathanzi chifukwa ali m'mimba amagwiritsa ntchito zingwe zina, za gama, m'malo mwa beta, ndipo matenda amaonekera pamene gama akuzimiririka m'miyezi yoyambirira.

Beta talasemiya ndi yofala ku Mediterranean, ku Middle East, ku India ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia, madera amene malungo anavutitsa anthu kwa zaka zikwi zambiri, pakuti wonyamula mbewu amatetezekako ku malungo oopsa. Kuchigawo chathu chino ndi yosowa. Yofala kuno ndi alufa talasemiya yopepuka, ndipo imeneyo kawirikawiri imabwera chifukwa jini imodzi ya alufa inasoweratu, osati chifukwa cha kudula kolakwika. Munthu wochepa magazi ku Malawi kapena ku Zambia ayambe waganizira malungo, kusowa ayironi m'zakudya, njoka za m'mimba ndi sikoselo.

Komabe njira yozindikirira wonyamula beta talasemiya ndi yofunika kuidziwa, chifukwa amasokonezeka mosavuta ndi wosowa ayironi. Onse awiri ali ndi maselo ofiira aang'ono: pa chikalata cha kuyeza magazi, nambala ya MCV imakhala pansi pa 80. Kusiyana n'kwakuti wonyamula talasemiya ali ndi maselo ofiira ochuluka ngakhale ndi aang'ono, ayironi wosungidwa m'thupi mwake ndi wokwanira, ndipo mapiritsi a ayironi samusintha ngakhale amwe miyezi. Chotsimikizira ndi kuyeza mitundu ya hemogulobini: kagulu kochepa kotchedwa HbA2, kamene kamagwiritsa ntchito zingwe za delita m'malo mwa beta, kamakwera kupitirira 3.5 peresenti. Kuti adziwe chilembo chenicheni cholakwika, amawerenga DNA, ndipo apa pali msampha. Amene angawerenge maekisoni okha, n'kulumpha maintuloni poganiza kuti ndi zotayidwa, adzauza mwana wa IVS2-654 kuti jini yake ili bwino.

Kupatsa munthu wa talasemiya yaikulu ayironi n'kumuonjezera vuto. Thumba lililonse la magazi amene amathiridwa limabwera ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 200, ndipo thupi lilibe njira yomutayira. Amaunjikana mu mtima ndi m'chiwindi, ndipo wodwala amafunika mankhwala ena omuchotsa moyo wake wonse.

Kuphimba chizindikiro chabodza

Ngati vuto ndi AG wabodza amene akunyenga supulayisosomu, bwanji osamuphimba? Mu 1993 Zbigniew Dominski ndi Ryszard Kole, ku North Carolina, anayesa zimenezo pa RNA ya beta gulobini ya talasemiya m'timabotolo ta mu labotale. Anapanga tizingwe tatifupi ta zilembo zogwirizana ndi malo osokonezawo. Tizingweto tinamatirira pamenepo, makina odula analephera kuwaona, ndipo anabwerera kumalo enieni. Jini sinakhudzidwe, chimene chinakonzedwa ndi kadulidwe ka uthenga.

Pa talasemiya njira imeneyi sinafike kwa odwala, ndipo chopinga chachikulu ndi kufikitsa tizingweto m'maselo a m'mafuta a m'mafupa mokwanira komanso mobwerezabwereza. Inakagwira ntchito pa nthenda ina, SMA, imene imapha mitsempha yoyendetsa minofu ya makanda. Ana amenewa alibe jini ya SMN1, koma ali ndi mnzake wofanana nayo, SMN2, amene amasiyana pa chilembo chimodzi chofunika mu ekisoni 7. Chilembocho sichisintha amino asidi, koma chimachititsa kuti supulayisosomu ilumphe ekisoni 7 nthawi zambiri, ndipo puloteni yotulukapo siikhalitsa. Mankhwala a nusineseni, amene anavomerezedwa ku America mu Disembala 2016, ndi kachingwe ka zilembo 18 kamene kamaphimba malo a mu intuloni 7 amene amaletsa ekisoniyo kutengedwa. Amabayidwa m'madzi a mumsana, kanayi poyambirira, kenaka kamodzi pa miyezi inayi iliyonse, chifukwa jini ikupitiriza kulemba uthenga watsopano tsiku ndi tsiku ndipo uliwonse uyenera kukonzedwa pawokha.